Chithunzi cha kasitomala musanachiponye pa intaneti: zimene lamulo la ku Joni limafuna

Amalawi ambiri ku Joni akudya ndi kompyuta ndi makina osindikizira. Ku Mayfair, ku Yeoville, ku Rosettenville ndi m'timashopu ta pafupi ndi Park Station, muwapeza akukonza makadi a ukwati, mapositala a misonkhano ya tchalitchi, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za masaluni. Ntchito imene kale inkatenga ola tsopano imatha pa mphindi imodzi. Kuchotsa zakumbuyo kwa chithunzi, kuchiwalitsa kapena kusandutsa fayilo kukhala PDF, zonsezi timangotsegula tsamba la pa intaneti, kuponyapo chithunzi, n'kutenga chokonzeka.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti pa mphindi imeneyo chithunzi chachoka m'manja mwathu. Chapita ku makompyuta a kampani ina, kawirikawiri ya kunja kwa South Africa. Pamaso pa lamulo, mwapereka nkhope ya munthu kwa mlendo amene mwini nkhopeyo sanamuonepo. Nthawi zambiri palibe cholakwika, bola mwini wake akudziwa. Koma pali mafayilo ena amene simuyenera kuwatumiza nkomwe, ndipo kuwazindikira si kovuta.

Lamulo lake ndi liti, ndipo limakhudza ndani

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu m'dziko muno limadziwika ndi dzina lakuti POPIA. Linakhazikitsidwa mu 2013, mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2020, ndipo anthu anapatsidwa chaka chimodzi chokonzekera. Kuchokera pa 1 Julaye 2021 palibenso chowiringula. Bungwe loliyang'anira ndi Information Regulator, lomwe likulu lake lili mu Johannesburg momwemuno.

Lamuloli silifunsa kukula kwa bizinesi kapena dziko limene munachokera. Ngati mumasunga, kukonza kapena kutumiza zinthu zodziwitsa za munthu wina pa ntchito yanu, muli m'kati, kaya muli ndi shopu kaya mumagwirira m'chipinda chogona. Limakusiyani ngati mukuchita za pakhomo panu zenizeni, monga kukonza zithunzi za ana anu kuti mutumize kwa agogo awo ku Mangochi. Mukangolandira R150 ya kasitomala, si za pakhomonso. Mbali inayo ndi yabwino: Mmalawi amene chithunzi chake chagwiritsidwa ntchito molakwika amatetezedwa chimodzimodzi ndi nzika ya dziko lino.

Zinthu zodziwitsa za munthu ndi chilichonse chimene chingachititse kuti munthu wamoyo adziwike kuti ndi uje: dzina, nkhope, nambala ya foni, adiresi, nambala ya chitupa, akaunti ya ku banki. Ku South Africa lamuloli limatetezanso makampani, chinthu chimene malamulo a mayiko ambiri alibe. Choncho kalata ya ku banki ya kampani ya kasitomala wanu imawerengedwa nawo.

Chilango chachikulu chimafika R10 miliyoni, ndipo milandu ina ili ndi ndende mpaka zaka 10. Bungweli limaluma ndithu: mu Julaye 2023 linalipiritsa unduna wa zachilungamo R5 miliyoni, chifukwa chosatsatira zimene linaulamula pambuyo poti akuba alowa m'makompyuta ake mu 2021. Komabe ndisakunamizeni kuti mawa m'mawa abwera pashopu panu ndi chindapusa cha mamiliyoni. Chimene chili pafupi ndi inu ndi ichi: munthu wolakwiridwa angathe kukadandaula ku bungweli kwaulere, angathenso kukusumirani kukhoti kuti mumulipire, ndipo safunika kuonetsa kuti munachita dala. Kuposa zonse, m'dera limene makasitomala anu onse amapemphera tchalitchi chimodzi kapena mzikiti umodzi, mbiri yoipa imathamanga kuposa samani.

Foda ya sukulu ya mkaka

Tiyeni titenge ntchito imodzi n'kuiyenda bwinobwino. Mayi wina amene ali ndi sukulu ya mkaka ku Rosettenville wakutumizirani pa WhatsApp zinthu zokonzera mwambo wa ana otsiriza maphunziro. Muli zithunzi za ana 24 atavala mikanjo, pepala la mayina awo ndi masiku obadwa, logo ya sukulu, chithunzi cha mayiyo, ndi kalata ya ku banki kuti mukopere nambala ya akaunti yolipirirapo makolo. Akufuna masatifiketi 24 ndi positala imodzi pofika Lachisanu. Zithunzi za ana anajambulira pakhoma lothimbirira, ndipo mtima wanu uli kale pa tsamba lochotsa zakumbuyo.

Yambani ndi funso lakuti: pa ntchito iyi, ine ndine ndani? Lamulo limasiyanitsa anthu awiri. Pali mwini nkhani, amene wasankha chifukwa chosonkhanitsira zinthuzo, ndipo pano ndi mayi wa sukulu. Ndiye pali wotumidwa, amene amagwira zinthuzo m'malo mwa mwini nkhani, ndipo pano ndinu. Wotumidwa ali ngati telala amene wapatsidwa nsalu: amasoka zimene wauzidwa, sabwereketsa nsaluyo kwa mnzake popanda mwini wake kudziwa. Lamulo limati wotumidwa azichita zokhazo zimene mwini nkhani akudziwa kapena waloleza, azisunga chinsinsi, ndipo pakati pa awiriwo pazikhala mgwirizano wolembedwa wonena kuti zinthuzo zisamalidwa. Mayi wa sukulu anakupatsani zithunzi kuti mupange masatifiketi. Sanakuuzeni kuti muzipereke kwa kampani ya ku America kapena ku Ulaya, ndipo mwina sadziwa n'komwe kuti ntchito imayenda choncho.

Tsopano tsegulani zinthuzo chimodzichimodzi.

Logo ya sukulu ili kale pachikwangwani panja, aliyense wodutsa amaiona. Ilibe nkhope kapena chinsinsi cha munthu. Imeneyo ponyani popanda nkhawa.

Chithunzi cha mayiyo ndi cha munthu wamkulu amene mukulankhula naye. Muuzeni chabe: "Mayi, chithunzi chanuchi ndichikonzera pa tsamba lakuti, makompyuta awo ali kunja kwa dziko lino, mukuvomera?" Akayankha kuti inde pa WhatsApp, sungani yankholo. Lamulo limafuna kuti chilolezo chikhale chaufulu, chonena za chinthu chenicheni, ndiponso choti munthuyo wamvetsa zimene akuvomera. Pakabuka mkangano, amene akuti anapatsidwa chilolezo ndiye amafunika kuonetsa umboni. Mawu a pakamwa amauluka.

Zithunzi za ana 24 ndi nkhani ina. Kwa lamulo, mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo zinthu zake sizigwiridwa popanda chilolezo cha kholo kapena womulera, kupatula pa zifukwa zochepa zimene sizikhudza positala. Mayi wa sukulu si kholo la ana 24 aja. Mwina makolo anasayina fomu yolola kuti ana ajambulidwe pa mwambo, koma kulola kujambulidwa si kulola kuti nkhope ya mwana itumizidwe kunja kwa dziko. Lamulo limapitirira pamenepo: wofuna kutumiza zinthu za ana ku dziko limene lilibe chitetezo chokwanira ayenera kuyamba wapempha chilolezo ku Information Regulator. Palibe wokonza masatifiketi a Lachisanu amene angayende njira imeneyo. Choncho yankho losavuta ndi lakuti zithunzi za ana zikonzedwe pa kompyuta yanu, osazituluka. Pulogalamu ya GIMP ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Kudula zithunzi za ana 24 pamanja kukutengerani madzulo onse, n'zoona. Ikani nthawi imeneyo pa mtengo, ndipo muuze kasitomala chifukwa chake. Makolo ambiri akamva amagwirizana nazo.

Samalani apa: kukhala ndi pulogalamu pa kompyuta sikutanthauza kuti zonse zikuchitikira pa kompyutapo. Mu Photoshop, batani la Generative Fill limatumiza gawo la chithunzi ku makompyuta a Adobe. Njira yodziwira ndi yachidule. Zimitsani intaneti, yesani batanilo. Likagwira, ntchito ikuchitikira panu. Likakana, ndiye kuti chithunzi chimayenda ulendo.

Pepala la mayina ndi masiku obadwa musalijambule n'kuliponya pa tsamba losandutsa chithunzi kukhala zolemba. Mayina 24 mungawataipe pa mphindi 10. Ndipo ngati mukusanja satifiketi pa Canva, kumbukirani kuti zonse zimene mwalemba zimasungidwa pa makompyuta a kampani ya ku Australia imeneyi. Sanjani chikombole chopanda mayina ndi nkhope, chitsitseni, kenako muike mayina ndi nkhope za ana pa kompyuta yanu.

Kalata ya ku banki ndiyo yoopsa kuposa zonse, ngakhale imaoneka ngati kapepala wamba. Pa positala pakufunika nambala ya akaunti yokha. Ikopereni ndi manja, kalatayo muifufute. Lamuloli lili ndi mfundo yoti munthu azitenga zokhazo zimene ntchito ikufuna ndipo asazisunge kupitirira nthawi yofunikira. Kalata ya ku banki yokhala ndi chidindo ndi imene akuba amagwiritsa ntchito popanga makalata abodza onena kuti "tasintha akaunti, lipirani kuno".

Mwa zinthu zisanu za m'fodamo, chimodzi chapita popanda funso, chimodzi chapita mwini wake atavomera, zitatu zakhala pakhomo.

Zimene siziyenera kuchoka pa kompyuta yanu

Pali mapepala amene timawagwira tsiku lililonse mpaka tinawazolowera. Munthu abwera ndi pasipoti, chitupa, pepala la chilolezo chokhalira m'dziko, pepala la malipiro, n'kunena kuti: "Achimwene, akufuna PDF yosapitirira 2 MB, ndichepetsereni." Dzanja limathamangira ku tsamba loyamba limene Google yaonetsa. Lekani. Nambala ya chitupa cha South Africa ili ndi manambala 13, ndipo mkati mwake muli tsiku lobadwa, ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, ndiponso ngati ndi nzika. Pamodzi ndi nkhope ndi siginecha, wakuba ali ndi zokwanira zoyesera kutenga ngongole kapena kutsegula akaunti m'dzina la mwini wake. Mu Malichi 2025 ofesi ya FBI ya ku Denver ku America inachenjeza kuti ena mwa masamba aulere osandutsa mafayilo amaba zimene zili m'fayilomo ndipo amabweza fayilo yokhala ndi kachirombo ka kompyuta. Chepetsani fayilo pojambulanso pa sikana ndi 150 dpi, kapena ndi pulogalamu ya pa kompyuta.

Lamulo lilinso ndi gulu la zinthu limene limaliteteza mwapadera: chipembedzo, mtundu wa munthu, chipani, umembala wa bungwe la antchito, umoyo, za kuchipinda, zizindikiro za thupi zozindikirira munthu monga zidindo za zala, ndi milandu imene munthu akuganiziridwa. Chithunzi chimaulula zinthu zimenezi mosavuta. Yunifomu ya Mvano, hijabu, malaya a chipani, bedi la kuchipatala, zonsezi zimalankhula. Positala yopempha thandizo la m'bale amene akudwala imanena za umoyo wake, ndipo wovomereza ayenera kukhala wodwalayo, osati msuweni amene wabweretsa chithunzi. Zithunzi za munthu ali maliseche kapena atavala zamkati, ngakhale anajambulitsa yekha, zisapite kulikonse. Kufalitsa zoterezi popanda chilolezo ndi mlandu wa upandu pansi pa lamulo la milandu ya pa intaneti la 2020.

Za maliro ndi zosiyana pang'ono. POPIA imateteza amoyo, choncho chithunzi cha malemu sichili pansi pake. Koma positala yosonkhetsa ndalama zotumizira thupi kumudzi imakhala ndi manambala a foni ndi akaunti za amoyo. Konzani nkhope ya malemu pa intaneti ngati banja lavomera, manambala muike pomaliza.

Chithunzi ndi cha ndani

Funso lachiwiri si la chinsinsi koma la umwini, ndipo apa ojambula ambiri amadabwa. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la South Africa, la 1978, limati munthu akakutumani kujambula chithunzi n'kukulipirani, kapena kuvomera kukulipirani, mwini chithunzicho ndi iyeyo, pokhapokha ngati munagwirizana zina. Zithunzi za ukwati zimene munajambula Loweruka ndi za akwatiwo, ngakhale kamera ndi yanu. Izi zili ndi ntchito chifukwa masamba ambiri, mukavomera malamulo awo, amakhala akukuuzani kuti mwatsimikiza kuti fayiloyo ndi yanu kapena muli ndi chilolezo, ndiponso kuti mukuwapatsa ufulu woisunga ndi kuigwiritsa ntchito m'njira zina. Simungapereke ufulu umene mulibe.

Logo ndi mapositala zimayenda mosiyana. Ngati ndinu wodziyimira panokha, zimene mwajambula zimakhala zanu mpaka mutasayina pepala lopereka umwini kwa kasitomala. Ngati munalembedwa ntchito, ndi za abwana. Koma umwini si chilolezo choulula. Chikuto cha malonda amene sanatuluke, mitengo ya mwezi wamawa, mapepala a tenda, zimenezi kasitomala anakupatsani mokukhulupirirani, ndipo ngati munasayina pangano losunga chinsinsi, kuziponya pa tsamba lachilendo kungakhale kuswa panganolo. Fayilo yosanjira ya Photoshop kapena CorelDRAW imanyamula zambiri kuposa zimene zikuoneka: zigawo zobisika, mitengo yakale, zithunzi zogula zimene layisensi yake silola kugawira ena. Ngati n'kofunika kutumiza, tulutsani kachidutswa kofunikako kokha ngati JPG kapena PNG.

Ndipo ngakhale chithunzi chikhale chanu, nkhope ndi ya mwini wake. Mu 2011 khoti lalikulu la ku Johannesburg linagamula mlandu wa Basetsana Kumalo, yemwe anali Miss South Africa mu 1994. Anajambulidwa akugula zinthu mu shopu ya njinga ya Cycle Lab, ndipo chithunzicho chinaikidwa pa zotsatsa malonda iye osavomera. Khoti linati ufulu wake unaphwanyidwa. POPIA inali isanabadwe. Choncho kutenga nkhope ya kasitomala n'kupangira chitsanzo chotsatsira shopu yanu kumafuna chilolezo chakechake.

Kuyeza tsamba musanalikhulupirire

Lamulo limalola kutumiza zinthu za munthu kunja kwa dziko ngati mwini wake wavomera, ngati kutumizako n'kofunikadi kuti mukwaniritse zimene munagwirizana naye, kapena ngati wolandirayo ali pansi pa lamulo kapena mgwirizano woteteza mofanana ndi wa kuno. Kampani ya ku Ulaya, komwe kuli lamulo lolimba la GDPR, ili ndi poyambira pabwino. Tsamba losatchula dzina la kampani kapena dziko lake lalephera kale mayeso.

Simufunika kuwerenga chikalata chonse. Tsegulani Privacy Policy ndi Terms, dinani Ctrl+F, fufuzani mawu awa: delete, retain, train, public. Mukufuna kudziwa ngati amafufuta chithunzi ndipo patapita nthawi yaitali bwanji, ngati amachigwiritsa ntchito pophunzitsa mapulogalamu awo a AI, ndiponso ngati anthu ena angachione. Pa Midjourney, mwachitsanzo, zimene mwapanga zimaonekera kwa ena pokhapokha mutalipira mtengo wapamwamba wokhala ndi Stealth Mode. Pa ChatGPT, pitani ku Settings, kenako Data controls, muzimitse Improve the model for everyone. Malamulowa amasinthasintha. Mu Juni 2024 anthu anakwiya ndi mawu atsopano a Adobe mpaka kampaniyo inawalembanso, n'kunena poyera kuti siphunzitsa Firefly ndi mafayilo a makasitomala. Mu Julaye 2025 WeTransfer inachotsa mawu ofanana nawo anthu atadandaula. Mukalandira uthenga wakuti malamulo asintha, musangodina kuvomera.

Kampani yaikulu nayonso imaberedwa. Mu Meyi 2019 akuba anatenga mayina ndi maimelo a anthu pafupifupi 139 miliyoni a pa Canva. Koma kubooka kofala kwambiri kumachokera kwa ife eni: akaunti imodzi ya shopu yonse, pasiwedi yolembedwa pakhoma, linki yotsegukira aliyense imene yazungulira m'magulu a WhatsApp, mnyamata amene anasiya ntchito chaka chatha koma akulowabe.

Kanthu kena kakang'ono. WhatsApp imafinya zithunzi, n'chifukwa chake timathamangira ku masamba owalitsa. Uzani kasitomala atumize ngati Document, chithunzi chibwera chathunthu ndipo mwina simufunikanso tsamba lililonse. Koma chithunzi chathunthu chingabwere ndi malo amene chinajambulidwira, ngati foni inali yotsegula GPS, ndipo malowo angakhale nyumba ya munthu. Pa Windows dinani kumanja pa fayilo, Properties, Details, kenako Remove Properties and Personal Information. Dzina la fayilo nalonso lisinthe, lisakhale dzina la munthu.

Zikalakwika

Mukazindikira kuti zithunzi kapena mapepala a makasitomala afika kwa munthu wosayenera, kaya akaunti yaberedwa kaya laputopu yabedwa mu takisi, musakhale chete. Ngati ndinu wotumidwa, uzani mwini nkhani nthawi yomweyo. Ngati ndinu mwini nkhani, monga wojambula amene amasunga zithunzi za makasitomala ake, lamulo limafuna kuti mudziwitse Information Regulator ndi anthu okhudzidwawo mwamsanga, n'kuwauza zimene zatayika kuti adziteteze. Sinthani pasiwedi, tsekani malinki, lembani tsiku ndi zimene mwachita.

Ndipo inu amene mumapita ndi chithunzi cha mwana wanu kapena pasipoti yanu ku shopu, muli ndi ufulu wofunsa kuti zinthu zanu zipita kuti, amene aziona ndani, ndiponso wopempha kuti azifufute ntchito ikatha. Mungathenso kubweza chilolezo chimene munapereka. Musanachoke pakauntala, pemphani kuti afufute sikani ya pasipoti yanu inu mukuona, ndi mu Recycle Bin momwe.